Kalata imene ndinalembera amayi ndili kuno ku Joni

Ndalama ndinkatumiza ndithu, izi ndiyambe ndanena, chifukwa anthu akamva kuti mayi a munthu wa ku Joni akukagwira ganyu m'munda mwa eni amangoti basi mwanayo anatchona, akudyera akazi a konko. Ine kuyambira pomwe ndinafika kuno mu 2019 panalibe miyezi iwiri yotsatizana yomwe inadutsa osatumiza kanthu. Koma mu Januwale 2024 ndinapita ku Park Station kukachingamira mayi wina wa m'mudzi mwathu amene amabwera kudzaoda katundu, anali atanditengera kaphukusi ka usipa ndi ufa woyera, nde tili chiimire pamenepo kudikira zikwama anangoti "achimwene, koma amayi anu mumayankhulana nawo? Sabata yatha ndawaona akubandira chimanga kwa aphunzitsi aja, awalipira mbale ya ufa." Amayi anga ali ndi zaka zopitirira 70, ali ndi BP, bondo lakumanzere limatupa kukazizira. Ndipo pa 22 Disembala ndinali nditatumiza R1,500 yonse ya bonasi imene abwana anandipatsa.

Usiku umenewo sindinadye. Kaphukusi kaja ndinangokayika pa bedi, chipinda chonse fungo la usipa, ine misozi.

Kwathu ndi ku Ntcheu, mbali ya ku Nsipe. Bambo anatisiya kalekale, pakhomo pali amayi, kamdzukulu kawo kakakazi ka Sitandade 5 ndi mnyamata wina mwana wa achemwali anga amene panthawiyo anali ndi zaka 19. Amayi sukulu analekezera Sitandade 3, amatha kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo pang'onopang'ono akakhala panja powala, koma foni ayi, timalemba ta pa foni satiwona ndipo zodinadina zija zimawasokoneza. Nde chimene ndinachita ndi chimene ambirife timachita, ndinawagulira kafoni ka mabatani, simu inalembetsedwa ndi chitupa chawo, koma wosunga foniyo, wokaitchajitsa ku gulosale, woyankha ndikaimba komanso wodziwa pini anali mnyamata uja. Ine kuno ndikapanga oda, ndikalipira pa thilu ku shopu, ndalama imalowa mu foni, iyeyo amapita kwa ejenti kukatapa nkukapereka kwa agogo ake. Zaka zinayi zonse sindinafunsepo amayi kuti mwalandira zingati. Ndimangoti "mwalandira?" iwo "eya talandira mwanangu, Mulungu akudalitse." Ine mtima mʼmalo.

Pano ndikamakumbukira, zizindikiro zinalipo koma sindinkaziwerenga. Pothokoza amayi sankatchula nambala, chonsecho ndi munthu woti ukawapatsa K500 pamanja amaitchula ndi dzina. Ndalama ikangolowa foni imazima masiku awiri kapena atatu, ati batire, ati netiweki. Ndikaimba mnyamata amayankha kaye ndiyeno nkuyika laudi, ndekuti chilichonse chimene amayi anganene iye ali pomwepo akumva, ndipo mayi wa kwathu sangamuyalutse mdzukulu wake pamaso pake ngakhale zitavuta bwanji. Ndikafunsa kuti ufa ulipo amati "tikudya", osati "ulipo". Amene anakulira kumudzi akudziwa kusiyana kwa mawu awiriwa.

Nditafufuza kudzera kwa amalume zinapezeka kuti pa R1,500 ija, imene inali ndalama yopitirira K130,000, kwa amayi kunafika K60,000. Koma ndisamukundikire zonse mwanayo. K60,000 imeneyonso sinakhalitse, amayi anapereka ina ku maliro a pa chibale, ina kwa achemwali anga amene mwana wawo anagonekedwa ku chipatala, ina ya chakhumi, chifukwa m'mutu mwawo ankati mwana wanga ali ku Joni, ikatha atumiza ina. Ndipo amene anawapatsa maganizo amenewo ndi ine. Ndimatumiza mwachisawawa, mwezi uno R400, mwezi wamawa R1,200, mwezi winawo zii, osanena kuti iyi ndi ya chiyani komanso ina ibwera liti. Zithunzi zimene ndimatumiza zinali zojambulitsa pa geti ya abwana ku Randburg, kumbuyo kuli galimoto yawo ndi kapinga wobiriwira amene ndimatchetcha ndine. Chipinda changa cha ku Cosmo City, chimene bedi, sitovu ndi ndowa yosambira zonse zili malo amodzi, sindinachijambulepo. Kuwonjezera apo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, randi inayamba kutulutsa makwacha ambiri, kumudzi nkhani inali yoti a ku Joni alemera, osaona kuti shuga, sopo, feteleza ndi chigayo zomwe zakwera limodzi.

Ndinaganiza zoimba foni nkukalipa. Mnzanga amene timagona mpanda umodzi, mkulu wa ku Balaka amene wakhala kuno zaka zambiri, anandiletsa. Anati foni ndi mphepo, ukamaliza kuyankhula aliyense amakafotokoza zake, iwe lemba kalata ngati mmene ankachitira a Wenela. Poyamba ndinaona ngati zachikale koma nditagona nazo ndinaona kuti akunena zoona. Voisi noti imafikira mu foni ya mnyamata yemweyo, akhoza kuwamvetsera kapena ayi. Kuimba ndi mphindi zochepa, pali anthu, amayi samva bwino khutu limodzi. Koma pepala amayi akhoza kulipinda nkuliika mu Baibulo, lero awawerengera uyu, mawa akakayika akamupatsa wina awawerengerenso, mawu ake sasintha.

Ndinagula kope la mizere ku sipaza ndi bolopeni yakuda. Ndinalemba masiku atatu, madzulo ndikaweruka, malemba akuluakulu olumpha mzere umodzi kuti mwina ndi maso awo omwe athe kutsatira. Yoyamba ndinang'amba chifukwa inali yodzadza ndi mkwiyo ndipo dzina la mnyamata linatchulidwa kasanu. Imene inapita ndi iyi, ndangochotsamo mayina.

Okondedwa Amayi,

Poyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu, bondo lija likukuvutanibe? Kunena ine kuno ndili bwino, ntchito ndikugwira. Usipa ndi ufa zija ndalandira, ndathokoza kwambiri. Ndinaphika Lamulungu ndi tomato, ndinaitana anzanga awiri, tinadya osayankhulana, aliyense maganizo ali kwawo.

Amayi, ndamva kuti mumakagwira ganyu yobandira. Sindikukudzudzulani ndipo musafufuze amene wandiuza. Wolakwa ndine chifukwa sindinakuuzenipo zoona za kuno. Lero ndikuuzani zonse.

Ine kuno ndimagwira ntchito ya m'gadeni, kutchetcha kapinga, kuthirira maluwa, kutsuka magalimoto ndi kusamala agalu. Nyumba ya pa chithunzi ija si yanga, ndi ya abwana. Ine ndimagona chipinda chimodzi chochepa kuposa khitchini yanu ija. Pa mwezi ndimalandira R5,200. Lendi ndi R1,400, tekisi yopitira ku ntchito R700, chakudya R1,300, magetsi ndi mayunitsi R400. Imatsala R1,400. Kuno kulibe munda, kulibe woti ungakapemphe mchere, ngakhale nkhwani timagula.

Pa yotsalayo ndaganiza chonchi. Mwezi uliwonse, isanakwane 5, ndizitumiza R700, kwanuko izikhala K60,000 ndi kanthu malinga ndi mmene ndalama yasinthira tsikulo. Imeneyi ndi ya pakhomo panu, chigayo, ndiwo, sopo, mchere, mankhwala a BP akasowa ku chipatala ndi thiransipoti yanu. Siizidutsanso mu foni. Muzikatenga nokha ku boma ndi chitupa chanu tsiku limene mukupita ku sikelo ya BP. Ikatha isanakwane nthawi ndilibe ina, choncho musamagawe poganiza kuti mawa kubwera ina. Wobwera kudzakupemphani muzimuuza kuti mwana wanga anati za maliro ndi za matenda muziyankhula ndi iyeyo, mundiponyere ine mlanduwo.

R500 ndizisonkha ku chipereganyu chathu kuno. Ndikalandira mu Meyi ndi ya chimanga, ndikalandiranso mu Okutobala ndi ya feteleza, mbewu ndi aganyu. Khasu lolimira eni mulisiye Amayi. M'munda mwanu muzipita kukayang'anira ndi kutola ndiwo basi. R200 yotsala ndizisunga kuno ya zadzidzidzi.

Mdzukulu wanu ndizimutumizira K5,000 yakeyake ya kutchaja foni ndi mayunitsi. Zakale zapita, sindikufuna mlandu pakhomo. Akadali mwana wathu.

Mumandifunsa kuti ubwera liti, ine ndimangoti posachedwa. Zoona zake ndi izi. Masiku amene anandidindira mu pasipoti anatha kalekale. Ndikatuluka pa boda andilembera kuti ndisalowenso dziko lino mpaka zaka zisanu, ntchito ithera pomwepo. Nchifukwa chake sindinabwere pa maliro a azakhali, si kuti mtima wanga unauma ayi, ndinalira ndekha m'chipinda muno. Ndikadzabwera ndidzabwereratu. Ndikufuna ndiyambe ndafolera nyumba yanu ndi malata komanso ndipeze kampamba koyambira. Ndikudziwa chimene mumaopa, mumaopa za agogo aja anapita ku migodi osabwerera. Ine sindidzatchona Amayi.

Ndimakusowani. Kuno mu Juni kumazizira kuposa ku Tsangano, ndikadzuka 4 koloko kukadikira tekisi ndimakumbukira mmene munkatiwotchera mbatata paphulusa tisanapite ku sukulu. Ufa wa kuno ndi wa m'mapaketi, umakhutitsa koma sukoma ngati wa pamphale panu. Nthawi zina ndikamathirira maluwa ndimapezeka ndikuyimba nyimbo ija mumakonda poyanika ufa. Mango a kuseri kwa bafa aja abereka chaka chino?

Kalatayi akuwerengereni amayi aphunzitsi opuma aja, ina yofanana nayo ndapereka kwa amalume. Mundiyankhe, muziyankhula iwo azilemba, ngakhale mawu ochepa.

Mundiperekere moni kwa onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu.

Ndime imene inandivuta kulemba si ya ndalama ayi, ndi ya pasipoti ija ndi ya chipinda. Munthu unachoka kumudzi anthu akukuperekeza mpaka pa siteji, nde ukalembe ndi dzanja lako kuti ndimasamala agalu a eni? Koma popanda ndime imeneyo manambala enawo sakanamveka, akanangoti mwana wayamba kuumira. Za agogo ndinazitchula dala. Bambo awo a amayi anapita ndi Wenela amayi ali kamtsikana, analemba makalata awiri kenako zii mpaka lero, manda awo sitikuwadziwa. Kwathu pafupifupi banja lililonse lili ndi nkhani yotere, ena anabwerako nthawi imene Kamuzu analetsa zopita ku migodi ndege itagwa ku Francistown mu 1974, ena sanabwere. Ndiye mayi wachikulire ukamamuuza kuti "posachedwa" chaka ndi chaka, iye akumva mawu omwe aja ankamva ali mwana.

Katumizidwe kake. Pa positi sindinayese, kumudzi kwathu bokosi ndi la sukulu ndipo kalata imadutsa m'manja ambiri. Ndinapatsa mayi wooda katundu uja pobwerera, basi imadutsa Beitbridge, Zimbabwe, Tete nkulowera pa Mwanza, masiku awiri kapena atatu yafika. Ndinaika mu envelopu ziwiri zomata, ina ya amayi ina ya amalume, ndinawapempha kuti apereke pamanja, asasiyire mwana aliyense. Ndisanamate ndinajambula masamba onse ndi foni kuti nane ndikhale ndi yanga. Mu envelopu simunalowe ndalama ngakhale R10, ukaikamo ndalama kalata imasanduka phukusi ndipo ikhoza kusowa. Kwa amene mulibe munthu wodziwana naye, matransipota amene timatumizira katundu aja amanyamula kalata, koma muuzeni wolandira tsiku limene galimoto yanyamuka kuti akaidikire yekha.

Wowerenga ndinamusankha mosamala ndipo apa ndi pamene ndingalangize munthu kuti asathamange. Akakhala wa m'banja amene ndalamayo imamukhudza, powerenga amadumpha mizere kapena kuwonjezera ndemanga zake. Akakhala wolongolola, mawa mudzi wonse wadziwa malipiro ako. Mayi amene ndinasankha anaphunzitsa ku pulaimale zaka zambiri, amapemphera limodzi ndi amayi, si wachibale, ndipo ndinayamba ndawaimbira kuwapempha. Amalume ndinawapatsa yawo chifukwa kwathu mwini mbumba ndi iwo, ukawadumpha pa nkhani ya pakhomo pa mlongo wawo ndekuti wayamba mlandu wina, komanso ndinkafuna pakhale munthu wachiwiri wodziwa nambala ndi tsiku.

Ulendo woyamba wokatenga ndalama amayi anabwerera chimanjamanja, ndipo cholakwa chinali changa. Makampani otumiza ndalama ngati Mukuru ndi Hello Paisa amafuna dzina la wolandira lifanane ndi la pa chitupa cha unzika. Ine ndinalemba dzina limene timawadziwa nalo, la bambo anga, pomwe pa chitupa analembetsa la kwa makolo awo, ndiponso dzina loyamba linasiyana chilembo chimodzi. Nkhalamba inakwera kabaza mpaka pa msewu, minibasi mpaka pa boma, kuima pa mzere, nkubwerera. Ndinamva chisoni kwambiri. Nde musanapange oda uzani munthu ajambule chitupacho akutumizireni, mukopere chilembo ndi chilembo, muonenso ngati sichinathe masiku. Uthenga wa nambala yotengera ndalama umapita pa foni imene mwalemba, ine ndinalemba ya amayi aphunzitsi aja, iwo amakopera nambalayo pa kapepala nkuwapatsa amayi. Ndikatumiza ndimaimba kawiri, tsiku lotumiza kunena kuti ndi K zakutizakuti, ndi tsiku lolandira kufunsa kuti "akupatsani zingati?" osati "mwalandira?" Pano amayi amatchula mpaka ma K50 a pamwamba.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, thiransipoti yopita ndi kubwera ku boma imadya kagawo ndithu, pomwe ya mu foni ejenti ali pafupi ngakhale naye amadula yake potapa. Ine ndinalolera chifukwa ulendowo umaphatikizana ndi wa ku chipatala, kale amayi ankadumphitsa sikelo miyezi itatu ati ndilibe yokwerera, pano sadumphitsa chifukwa tsiku lake ndi limodzi. Koma ndikudziwa kuti bondo lija likadzafika poipa sadzatha kuyenda, tidzabwereranso ku foni, ndipo pamenepo ndidzafuna kuti foni izigona kwa iwo, pini ikhale yatsopano, potapa azikhalapo okha.

Chipereganyu chathu tilimo anthu 6, aliyense R500, ndekuti ukalandira ndi R3,000 ndipo umalandira kawiri pa chaka. Ndinapempha Meyi, ndiye ulendo wachiwiri umayenera kugwa mu Novembala, koma feteleza wa mu Novembala amakhala wachedwa komanso wakwera, nde ndinasinthana ndi mnzanga kuti ndizitenga Okutobala. Chifukwa chosankhira Meyi aliyense wa kumudzi akuchidziwa, chimanga chimatsika anthu akamakolola, chimakwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Zaka zonse zija ine ndinkagula chimanga mu Januwale amayi akalira njala, nthawi imene thumba lili pa mtengo woipitsitsa, ndekuti randi yomweyo imagula pafupifupi theka la chimene ikanagula pokolola.

Pakhomo pa anthu atatu ngati pathu thumba la makilo 50 limatha mwezi umodzi, alendo akachuluka silifika. Ndekuti pa chaka ndi matumba 12. Chaka cha 2024 mvula inadula pakati chifukwa cha El Nino, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi, amayi anangokolola matumba atatu. R3,000 ija inatuluka K270,000 ndi kanthu, amalume anagula matumba 8 pa mtengo wa cha m'ma K33,000, onse pamodzi 11. Linaperewera limodzi koma mu Malichi kumakhala kwayamba maungu ndi mondokwa, anadutsa. Ogula anali amalume, wowerenga matumba polowa m'nyumba anali amayi, chithunzi anajambula ndi mnyamata uja, aliyense ndi mbali yake.

Kusunga nako ndi nkhani. Chimanga cha mu Meyi nthawi zina mavenda amagulitsa chisanaumitse, ukachitsekera chonchi chimachita nkhungu. Amayi amayesa ndi dzino, chouma chimalira kuti khwa, chachiwisi chimangophwanyika mwakachetechete. Anachiyanikanso pa mphasa masiku angapo kenako tinaika m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati osalowa mpweya, safuna mankhwala, anankafumbwe amafera momwemo. Koma pulasitiki ikabooka ngakhale pang'ono basi ntchito yatha, ndiye amafunika kuwaika pa timitengo osati pansi, kutali ndi makoswe, ndipo ukatsegula umangenso msanga pulasitiki iliyonse payokha. Thumba limodzi khoswe analiboola, mu Seputembala anapeza layamba kufumbwa, analigayitsa msanga lisanawonongeke.

Mu Okutobala R3,000 inayo inagula thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, munda wa amayi ndi ekala imodzi, yotsala inapita ku mbewu ndi aganyu opanga mizere. Ya aganyu opalira ndi kubandira sinakwane, ndinachita kutapa pa R200 ndimasunga ija. Za makuponi sindiwerengeranso, dzina la amayi chaka china limatuluka chaka china ayi, likatuluka ndi mwayi chabe.

Sikuti kalata inakonza zonse. Achemwali anga anakwiya miyezi itatu osandiyankha, ati ndamutcha mwana wawo wakuba ngakhale m'kalatamo mulibe mawu amenewo. Abale ena amene ankadyera kwa amayi anayamba kuimba kwa ine mwachindunji, zimene ndinapempha ndekha, ndipo kukana munthu ndi pakamwa pako nkowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi nawo kugawa sanasiyiretu, ndi mmene alili, munthu sangabwere pakhomo akulira iwo nkumubweza. Kungoti pano amagawa akudziwa kuti yotsatira ibwera pa 5. Mu Julayi abwana anapita kutchuthi ndipo malipiro anachedwa masiku khumi, ndinaimbiratu pa 3 kuwauza kuti ichedwa, chifukwa ukalemba tsiku papepala ndiye walonjeza, likadutsa uli chete nkhalamba sigona.

Mnyamata uja poyamba ankandithawa pa foni. Patapita miyezi anandilembera yekha pa WhatsApp kuti amalume pepani, ndalama zina ndinkabetcha mpira, zina ndinkasunga kuti ndipangitse pasipoti ndibwere konko. Ndinamujambulira chipinda changa, ndowa, sitovu, denga lodontha pakona, ndinamuuzanso za anzathu amene anagwidwa opanda mapepala nkukasungidwa ku Lindela asanawabweze kumudzi. Sindikudziwa ngati maganizo obwera anawasiya.

Yankho la amayi linafika mu Epulo ndi mayi wooda katundu uja, tsamba limodzi, zolemba za aphunzitsi koma mawu ake a amayi enieni, ndimachita kuwamva. Anati kalata yako ndaimva, andiwerengera kawiri, ndaiika pa Masalimo. Anati bwanji sunanene kale kuti umagona motero, ine ndikanadya ndalama yako ndi mantha. Ntchito ya agalu usachite nayo manyazi, wakuba ndiye achite manyazi. Za ndalama anangoyankha mzere umodzi kuti zamveka. Mbali yaikulu inali ya zina, kuti mango anabereka koma ana anathothola osapsa, kuti nkhuku ya mawanga ija yaswa anapiye 9, kuti denga la khitchini likufuna udzu. Kenako anati malata ndi abwino koma usachedwe nawo mwanangu, ine ndikufuna udzandione ndikuyenda, usadzabwere kudzaona bokosi. Pansi penipeni panali dzina lawo lolemba okha, malemba okhotakhota akuluakulu, bolopeni inachita kuboola pepala pa chilembo chomaliza.

Mawu a bokosi aja anandisinthitsa mapulani. Ndinkafuna malata 40 ndi mpamba wa gulosale, pano ndatsitsa, ndikufuna malata 24 okwana nyumba yawo yokha ndi kampamba kogulitsa tomato ndi kabichi pa msewu. Malata ndikugulira konko pang'onopang'ono ndikapeza maganyu a Loweruka, amalume akusunga kudenga kwawo, afika 14. Kalata ndikulembabe miyezi itatu iliyonse ngakhale palibe nkhani ya ndalama, ndipo foni ya Lamulungu masana ndinapempha kuti laudi asamayike, aziwapatsa amayi pakhutu lakumanja limene limamva, ena onse azipita kaye panja. Kalata yachisanu ndamaliza dzulo, mayi uja anyamuka Lachinayi, ndaikamo ndi magalasi owerengera amene ndagula pa R60 kuti mwina iyi ayese kuwerenga okha.